Mawu 250 m'kabokosi ka pafoni

Mafunso oyamba a pafomu yopemphera thandizo la maphunziro savuta. Dzina, tsiku lobadwa, boma, sukulu imene unalembera mayeso a Fomu 4, mapointi amene unapeza. Mwana wochokera kusekondale yoyendera ya kumudzi amadzaza zonsezi pafoni yobwereka, chala chikuthamanga. Kenaka amafika pakabokosi kopanda kanthu kolembedwa "Personal statement", pansi pake pali "Max 250 words". Apa chala chimaima. Kabokosiko kakufuna kuti mwanayo adzifotokoze yekha, m'Chingerezi, kwa munthu amene sanamuonepo ndipo sadziwa ngakhale kumene kuli boma la kwawo.

Chimene chimapweteketsa ana athu ambiri pamenepa si Chingerezi ayi, koma ulemu umene tinawaphunzitsa ife eni. Kwathu kuno wopempha safikira kutchula chimene wadzera. Amayamba ndi malonje, athokoze, adzichepetse, kenaka adandaule za mavuto ake. Pabwalo la amfumu mwambo umenewu ndi wabwino ndithu, koma m'kabokosi ka mawu 250 umadya malo. Mwana akamamaliza kupereka moni, kuthokoza bungwe chifukwa cha mtima wake wachifundo ndi kunena kuti iye ndi wosauka wochokera m'banja lovutika, mawu 100 apita, ndipo wowerenga sanamvebe chilichonse chomusiyanitsa ndi anzake.

Taganizani za amene akuwerenga. Bungwe la Ashinaga la ku Japan limathandiza ana a mu Africa amene bambo, mayi kapena makolo onse awiri anamwalira, kuti akaphunzire kuyunivesite zakunja. Ndiye kuti aliyense wolembera kumeneko ndi wamasiye. Chiganizo chakuti "ndine mwana wamasiye" n'choona, n'chowawa, koma chili pafomu ya wina aliyense. Nawo a Mastercard Foundation, amene ndondomeko yawo yothandiza ophunzira inayamba mu 2012, amafuna ana anzeru ochokera m'mabanja osowa, komanso amafunitsitsa kuona kuti mwanayo ali ndi mtima wotsogolera ndi wothandiza kwawo. Umphawi umangomulowetsa pamzere. Ndiponso mafomu ambiri amakhala ndi malo akeake ofunsa za kapezedwe ka pakhomo, pena n'kufunanso kalata ya umboni. Kabokosi kaja n'kofunsa funso lina: m'mavuto akowo, iwe unachitapo chiyani?

Tiyerekeze mtsikana wa ku Ntchisi amene wapeza mapointi 17 ndipo akufuna kukaphunzira zaulimi. Poyamba walemba kuti amakonda ulimi kuyambira ali mwana, kuti ulimi ndiwo msana wa chuma cha dziko lino, ndi kuti akadzaphunzira adzatukula Malawi. Palibe bodza, koma mawu amenewa angalembedwe ndi mwana aliyense kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Mphunzitsi wake atamufunsa kuti, "Kodi iwe, kumunda kwa amayi ako unachitako chiyani ndi manja ako?" mtsikanayo akuseka mwamanyazi, n'kunena kuti palibe chachilendo, kungoti chaka chimene mbozi zinalowa m'chimanga analibe ndalama ya mankhwala. Anamva kwa alangizi kuti ena amathira dothi kapena phulusa pamchombo pa chimanga, ena msuzi wa usipa kuti uitane nyerere zidzadye mbozizo. Iye anagawa munda: mizere 10 phulusa, mizere 10 msuzi, mizere 10 anaisiya. Loweruka lililonse ankawerenga mapesi oboka masamba n'kumalemba kumapeto kwa kope lake la sayansi. Amayi anayi oyandikana nawo munda anabwera kudzaona kopelo.

Nkhani yake ndi imeneyo, ndipo iye ankaiyesa yopanda pake chifukwa inachitikira kumunda, osati m'kalasi. M'menemo muli zonse zimene wowerenga akufuna. Kusowa kwaonekera m'chiganizo chimodzi chokha, chija cha ndalama ya mankhwala, popanda kulira. Nzeru zaonekera pa mizere 10 imene anaisiya dala kuti akhale ndi poyerekezera, chinthu chimene ofufuza a ku Bunda kapena ku Chitedze angachizindikire msanga. Utsogoleri waonekera mwa amayi anayi aja, iye osanena n'komwe kuti "ndine mtsogoleri". Ngakhale zitakhala kuti phulusa ndi msuziwo sizinathandize kwenikweni, alembe choncho. Kunena kuti "sindinadziwe chifukwa chake, n'chifukwa chake ndikufuna kukaphunzira za tizilombo towononga mbewu" kumalumikiza munda uja ndi maphunziro amene akupempha kuposa lonjezo lililonse lotukula dziko.

Kagawidwe ka malo kakhoza kukhala kotere: mawu pafupifupi 100 apite kunkhani ya kumundayo, 40 ku vuto lalikulu limene anadutsamo pophunzira, monga kuyenda mtunda wautali kapena sukulu yopanda chipinda choyeseramo za sayansi, 60 ku maphunziro amene akufuna ndi chifukwa chake, otsalawo ku zimene adzachite akadzamaliza. Zomalizazi zikhale zazing'ono ndi zogwirika. "Ndidzagwira ntchito ndi alimi a chimanga ndi soya kwathu ku Ntchisi" n'zomveka kuposa "ndidzathetsa njala mu Africa".

Ine ndimalimbikitsa kuti mwana ayambe kulemba m'Chichewa, m'kope, ngati akufotokozera azakhali ake. M'chinenero chake amakumbukira zenizeni: tsiku, chiwerengero, amene analipo. Akayambira m'Chingerezi amathamangira mawu akuluakulu amene analoweza pokonzekera mayeso. Akatha, atembenuze m'ziganizo zifupizifupi. Mphunzitsi akonze zolakwika, koma asalembe m'malo mwake. Mabungwe ambiri amadzacheza ndi amene apyola gawo loyamba, ndipo mwana amene sangafotokoze tanthauzo la mawu a m'nkhani yake yomwe amagwidwa pomwepo. Chimodzimodzi wokopera kwa mnzake amene anasankhidwa chaka chatha, kapena wogula nkhani yolembedwa kale kwa ojambula mapepala patauni: owerenga akaona ziganizo zofanana pamafomu awiri, onse awiri amakayikiridwa. Kukokomeza nakonso n'koopsa. Ngati amayi aja anali anayi, asawasandutse kalabu ya alimi 40, chifukwa kalata ya ahedi kapena funso limodzi lokha likhoza kuulula.

Palinso msampha wa kawerengedwe. Mafomu ena amawerenga "words", ena "characters", kutanthauza chilembo chilichonse, kawirikawiri pamodzi ndi mipata ndi zizindikiro zopumira. Mawu 250 a Chingerezi amakwana zilembo pafupifupi 1,500. Fomu ikati "500 characters", ndiye kuti mwana ali ndi mawu pafupifupi 80 basi. Akapyola malire, mafomu ena amakana, koma ena amangodula kumapeto mwakachetechete, ndipo gawo lodukalo ndi lija lonena za tsogolo. Choncho akamata nkhani m'kabokosi, atsike mpaka pansi aone ngati chiganizo chomaliza chilipo chonse.

Asalembere m'kabokosimo mwachindunji. Kumudzi netiweki imabwera n'kupita, batire limatha, bando imatha, ndipo masamba ambiri amamutulutsa munthu akakhalitsa osadina kanthu. Zimene analemba zimapita. Alembe kaye pamalo osungira zolemba m'foni, awerenge mokweza kawiri, akope, kenaka apite pachulu kapena pamsika pomwe netiweki imagwira bwino kukamata. Ngati pali batani la "Save", alidine asanapitirire. Tsiku lotsekera limakhala ndi ola lake, nthawi zina la dziko lina, kotero mtsikana wa ku Ntchisi uja atumize kukadali masiku awiri kapena atatu. Akadina "Submit", ajambule chithunzi cha uthenga wotsimikiza umene watuluka, ndipo alembe m'kope lomwe lija imelo ndi mawu achinsinsi amene analowera, chifukwa yankho lidzabwera kuimeloko patapita miyezi, foni itabwerera kale kwa mwini wake.