Pamalo Pabwino, Koma Popanda Moyo: Zimene Mars Likutiphunzitsa

Usiku wa mwezi wa Juni, anthu akamaotha moto, aliyense amadzipezera yekha pokhala. Woyandikira kwambiri amapsa miyendo n'kusendera m'mbuyo, wotalikira amanjenjemera n'kusendera kutsogolo. Pakati pa awiriwa pali malo amene munthu angakhalepo mpaka nkhani zonse zitatha. Akatswiri a zakuthambo amaganiza chimodzimodzi za nyenyezi. Nyenyezi iliyonse ndi moto, ndipo mapulaneti oizungulira ali ngati anthu ootha. Mtunda umene pulaneti silipsa kapena kuuma ndi chisanu, moti madzi angakhale madzi pamwamba pake osasanduka nthunzi kapena ayezi, amautcha dera loyenera moyo.

Dzina limeneli limalonjeza zambiri kuposa zimene lingapereke. Nkhani ikamveka pa wailesi yakuti kwapezeka pulaneti m'dera loyenera moyo, ambiri amayamba kuona m'maganizo mitsinje, mitengo ndi zolengedwa zachilendo. Koma deralo limayankha funso limodzi lokha: kodi pulanetilo likulandira kuwala kochuluka bwanji? Zimene pulaneti limachita ndi kuwalako ndi nkhani ina, ndipo nkhani imeneyo ndiyo imagamula mlandu.

Mmene deralo amalipimira

Dzuwa lathu nalonso ndi nyenyezi, ndipo dziko lathu lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 150 miliyoni kuchokera pamenepo. Akatswiri amasiyana pang'ono pa malire enieni, koma mawerengedwe ogwiritsidwa ntchito kwambiri amaika mpanda wamkati patsogolo pathu pang'ono chabe, ndipo wakunja pa makilomita pafupifupi 250 miliyoni. Choncho ife tili pafupi ndi mpanda wa kumoto. Nthanda, imene m'mabuku imatchedwa Venus, ili pa makilomita 108 miliyoni, kunja kwa mpandawo mbali ya kudzuwa. Mars lili pa makilomita 228 miliyoni, kutanthauza kuti lili m'kati.

Kwa nyenyezi zina malire amasuntha potengera kukula kwa moto. Kuwala kumachepa msanga ukamatalikira: ukawirikiza mtunda kawiri, umalandira gawo limodzi mwa magawo anayi. Motero nyenyezi yowala kanayi kuposa dzuwa imakhala ndi dera lake kutali kawiri kuposa lathu, ndipo nyenyezi yozilala imakhala nalo pafupi kwambiri. Masamu ake ndi osavuta, n'chifukwa chake pulaneti likangopezeka chinthu choyamba kulengezedwa ndi chakuti lili m'deralo kapena ayi. Kudziwa ngati lili ndi mpweya kapena madzi ndi ntchito yovuta kwambiri, yotenga zaka.

Umboni woyamba wakuti malo paokha sakwanira timauona pafupifupi usiku uliwonse. Mwezi uli pa mtunda wofanana ndi wathu kuchokera kudzuwa ndipo umalandira kuwala kofanana. Komabe masana ake nthaka imatentha kupitirira madigiri 100, usiku imazizira kupitirira madigiri 100 pansi pa ziro, ndipo mulibe dziwe ngakhale limodzi. Mwezi ndi waung'ono, mphamvu yake yokoka ndi yochepa, choncho sungagwire mpweya. Anthu awiri akhala pambali pa moto umodzi, wina wafunda bulangete, wina alibe.

Bulangete ndi chivundikiro

Mpweya wozungulira pulaneti umagwira ntchito ziwiri. Yoyamba ndi ya bulangete. Dziko lathu likanakhala lopanda mipweya yosunga kutentha, monga nthunzi ya madzi ndi kaboni dayokisaidi, kutentha kwake kwapakati kukanakhala madigiri 18 pansi pa ziro. M'malo mwake kuli pafupifupi madigiri 15 pamwamba pa ziro. Kusiyana kwa madigiri 33 kumeneku ndiko kumachititsa kuti nyanja zikhale madzi, osati ayezi.

Ntchito yachiwiri ndi ya chivundikiro, ndipo imeneyi anthu ambiri saidziwa. Mpweya uli ndi kulemera, ndipo umakanikiza madzi kuti asathawe. M'mphepete mwa nyanja yamchere madzi amawira pa madigiri 100. Amene anaphikapo pamwamba pa phiri la Mulanje amadziwa kuti nyemba zimachedwa kupsa kumeneko. Pa nsonga ya Sapitwa, pa mamita 3,002, mpweya ndi wopepuka ndipo madzi amawira pa madigiri pafupifupi 90, asanatenthe mokwanira. Mpweya ukapitiriza kuchepa, madzi amawira pa kutentha kochepachepabe, mpaka pamafika poti sangakhalenso madzi: ayezi amangosanduka nthunzi osadutsa n'komwe posungunuka.

Pamenepo ndi pamene Mars lafika. Kukanikiza kwa mpweya wake sikufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a kwathu kuno. Mutathira kapu ya madzi pa nthaka yake, ena angawire nthawi yomweyo ngakhale ali ozizira, otsalawo n'kuuma gwa. Kutentha kwapakati kumeneko ndi pafupifupi madigiri 60 pansi pa ziro. Pulanetili lili m'dera loyenera moyo, koma ndi chipululu chozizira.

Mitsinje imene inaphwa

Chokhudza mtima n'chakuti Mars silinali choncho kuyambira kale. Galimoto yofufuzira ya bungwe la NASA yotchedwa Curiosity, imene inatera m'chigwa cha Gale mu 2012, inapeza timiyala tobulungira, tosalala ngati ta mumtsinje. Miyala siibulungira choncho popanda madzi oikunkhuniza kwa nthawi yaitali. Ina yotchedwa Perseverance inatera mu Febuluwale 2021 m'chigwa cha Jezero, pamene mtsinje wakale unkathira m'nyanja n'kusiya mchenga ndi matope zoyalana monga zimachitikira pamathiriro a mitsinje yathu. Zaka zoposa 3 biliyoni zapitazo kumeneko kunkayenda madzi, ndipo pa nthawiyo dzuwa linali lozilala kuposa lero. Izi zikusonyeza kuti Mars linali ndi bulangete lochindikala.

Nanga linapita kuti? Gwero la vutoli ndi kuchepa kwa pulanetilo. M'mimba mwake Mars ndi theka chabe la dziko lathu, ndipo kulemera kwake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Mtanda waung'ono wa nsima umazizira msanga kuposa waukulu. M'kati mwa dziko lathu muli chitsulo chosungunuka chimene chimatakasika n'kupanga mphamvu ya maginito, ndipo mphamvuyo imapatutsa timadontho ta mphamvu timene dzuwa limauluza kosalekeza, timene akatswiri amati mphepo ya dzuwa. Ku Mars kutakasikako kunaima zaka pafupifupi 4 biliyoni zapitazo. Mphepo ya dzuwa ndi cheza chake champhamvu zinayamba kukokolola mpweya pang'onopang'ono, ndipo mphamvu yokoka ya pulanetilo inali yochepa moti sinathe kuuletsa. Chombo cha MAVEN, chimene chinafika kumeneko mu 2014, chinayeza mpweyawo ukuthawabe.

Panalinso vuto lina. Kwathu kuno mapiri ophulika amabwezera kaboni dayokisaidi mumlengalenga, mvula ndi miyala zimamuchotsa, ndipo kusinthana kumeneku kwasunga kutentha kwa dziko pa mlingo woyenera kwa zaka mabiliyoni. Pulaneti likazizira m'kati, mapiri ake amagona, ndipo mpweya wotayika sukhala ndi woubwezera. Mars likanakhala lalikulu ngati dziko lathu, mwina bwenzi likadali ndi nyanja pamalo omwewo.

Nthanda imatichenjeza za mbali inayo. Kukula kwake n'kofanana ndi dziko lathu, koma bulangete lake lachindikala mopyola muyeso. Mpweya wake pafupifupi wonse ndi kaboni dayokisaidi, umakanikiza kuwirikiza ka 90 kuposa wathu, ndipo pansi pamatentha madigiri oposa 460, okwanira kusungunula mtovu. Munthu woyang'ana dzuwa lathu ali kutali akanaona mapulaneti awiri ofanana msinkhu ndipo sakanadziwa msanga kuti lina ndi munda, lina ndi ng'anjo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kukhala pafupi ndi moto wothetheka

Nyenyezi yoyandikana nafe kwambiri pambuyo pa dzuwa ndi Proxima Centauri, imene kuwala kwake kumatenga zaka zinayi ndi miyezi ingapo kuti kutifike. Mu 2016 kunalengezedwa kuti ili ndi pulaneti lolemera pang'ono kuposa lathu, lotchedwa Proxima b. Nyenyeziyi ndi yaing'ono, yofiira, ndipo mphamvu yake ndi yochepa kuwirikiza ka 600 poyerekeza ndi dzuwa. Potsatira lamulo la mtunda lija, kuti pulaneti lilandire kuwala kofanana ndi kwathu liyenera kuyandikira kuwirikiza ka 25, ndiko kuti makilomita pafupifupi 6 miliyoni. Proxima b lili pa makilomita 7 miliyoni, ndipo chaka chake chimatha m'masiku 11 okha. Pa pepala, malowo ndi abwino.

Koma kukhala pafupi chonchi kuli ndi mtengo wake. Nyenyezi zazing'ono zofiira zimakonda kuthetheka mwadzidzidzi, n'kulavula cheza choopsa chimene chingakokolole mpweya monga zinachitikira ku Mars, koma mwaukali woposa. Komanso pulaneti loyandikira chotere kawirikawiri limagwidwa ndi mphamvu yokoka ya nyenyezi yake n'kumaionetsa mbali imodzi yokha, monga mmene mwezi umationetsera nkhope imodzi. Mbali ina kumakhala masana osatha, inayo usiku wosatha, ndipo ndi mpweya wochindikala wokha umene ungagawe kutentha pakati pa mbali ziwirizo. Funso lomweli likukhudza mapulaneti 7 a nyenyezi ya TRAPPIST-1 amene analengezedwa mu 2017. Makina oonera kutali a James Webb atayeza loyandikira kwambiri nyenyeziyo mu 2023, anapeza zizindikiro zakuti lilibe mpweya wochindikala.

Tingawonjezere kuti madzi sakhala m'deralo mokha. Europa, mwezi wa Jupiter, ndi Enceladus, mwezi wa Saturn, ali kutali kwambiri kunja kwa mpanda, komabe pali umboni wamphamvu wakuti pansi pa ayezi wawo pali nyanja zofunditsidwa ndi kukoka kwa mapulaneti awo akuluakulu. Chombo cha Cassini chinaona Enceladus akufwenthera nthunzi ndi ayezi mumlengalenga mu 2005.

Choncho dera loyenera moyo ndi poyambira kufufuza, pamene wosaka amaloza makina ake poyamba chifukwa nyenyezi n'zambiri ndipo nthawi ndi yochepa. Mukadzamvanso kuti kwapezeka pulaneti lina m'deralo, funsani mafunso amene Mars latiphunzitsa. Kodi ndi la miyala, ndipo ndi lolemera mokwanira kugwira mpweya? Kodi mpweyawo wapimidwa, kapena angowerengera mtunda? Nanga nyenyezi yake ndi yofatsa? Ndipo ngakhale zonsezi zitayankhidwa bwino, pamatsalabe funso lakuti moyo unayambadi kumeneko kapena ayi, pakuti mphika ungakhale pamafuwa, moto uli bwino, madzi alimo, koma popanda ufa nsima siipsa. Mpaka lero, pulaneti limodzi lokha ndilo likudziwika kuti lili ndi zonsezi pamodzi, ndipo ndi limene tapondapoli.