Ndalama za Gratuwite: Musathamangire Minibasi

Bambo wina yemwe wangopuma pantchito ya boma analembera mlangizi wa zachuma kalata. Walandira gratuwite ya K20 miliyoni, ndipo achibale akumuuza kuti agule minibasi. Funso lake linali lakuti: "Ndiziike kuti ndalamazi kuti zisathe?"

Mlangiziyo anayankha kuti: "Bambo, choyamba bwezani ngongole zonse, makamaka za katapila. Kenako patulani ndalama zokwanira kudya ndi kuchipatala kwa miyezi 6, zikhale kubanki komwe mungazitape msanga."

Zotsalazo anati abwereke boma pogula matirezhale bilu, omwe amagulitsidwa kudzera ku Reserve Bank of Malawi ndipo amakhwima pa masiku 91, 182 kapena 364. Koma chenjezo lake ndi lofunika kulimvetsa. Mukaika K10 miliyoni pa chiwongoladzanja cha 20 peresenti, mupeza K2 miliyoni pachaka, msonkho usanachotsedwe. Ngati mitengo ya zinthu yakwera ndi 25 peresenti chaka chomwecho, ndalama zanu zachepa mphamvu ngakhale zikuoneka zochuluka. N'chifukwa chake phindulo musamalidye lonse.

Minibasi imafuna munthu woidziwa. Injini ikafa, ndalama zapita. Ndipo aliyense wolonjeza kuchulukitsa ndalama zanu kawiri pamwezi, mufunseni chiphaso cha Reserve Bank musanamupatse ngakhale tambala.