Mmene kompyuta imasandutsira mawu kukhala chithunzi

Munthu amalemba mzere umodzi pa foni kapena pa kompyuta, n'kudikira masekondi angapo, ndipo chithunzi chimatuluka: mayi atasenza ndowa m'mbali mwa nyanja, dzuwa likutuluka kumene. Mayiyo sanabadwepo, ndipo palibe kamera inamujambula. Ambiri akaona zimenezi amaganiza kuti makinawo athamangira pa intaneti kukatola zithunzi za ena, n'kuzidula ndi kuzimata pamodzi. Si mmene zimayendera. Makinawa amayamba ndi madontho osokonekera opanda tanthauzo, n'kumawachotsa pang'onopang'ono mpaka chithunzi chitatsala. Amene wamvetsa zimenezi sadabwanso akaona dzanja la zala zisanu ndi chimodzi, kapena nsima yosaoneka ngati nsima.

Mapulogalamu otere alipo angapo. DALL-E wa kampani ya OpenAI anaonekera mu Januwale 2021, Midjourney anatsegulidwa kwa anthu mu 2022, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho kunatuluka Stable Diffusion, wochokera ku ntchito ya akatswiri a payunivesite ya Ludwig Maximilian ku Munich, m'dziko la Germany, mothandizana ndi makampani a Stability AI ndi Runway. Titsatira womalizayu, mtundu wake woyamba, chifukwa eni ake anaika poyera mmene anapangidwira, moti aliyense akhoza kusuzumira m'kati mwake.

Makinawa asanajambule kanthu amayamba aphunzira, ndipo phunziro lake ndi lachilendo. Akatswiri amatenga chithunzi chenicheni, mwachitsanzo cha galu atagona pakhonde, chokhala ndi mawu ochifotokoza. Kenako amachiwononga dala pochiwaza timadontho tosokonekera, tofanana ndi mchenga umene umaphethira pa wailesi yakanema ikalephera kugwira siteshoni. Nthawi zina amawaza pang'ono moti galuyo amaonekabe bwinobwino, nthawi zina amawaza kwambiri moti palibe chozindikirika. Milingo ya kuwazaku inalipo 1,000. Akatero amaonetsa makinawo chithunzi chowonongekacho pamodzi ndi mawu aja, n'kuwapatsa ntchito imodzi yokha: loza mchenga umene tawaza apa. Makinawo amayerekeza, yankho lake limayezedwa ndi mchenga weniweni umene unawazidwa, ndipo manambala a m'kati mwake amasunthidwa pang'ono kwambiri kuti ulendo wina asaphonye chimodzimodzi. Gawo limene limachita ntchitoyi lili ndi manambala otere pafupifupi 860 miliyoni, ndipo kuyeserera kumeneku kumabwerezedwa pa zithunzi mamiliyoni mazanamazana.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kuti uloze mchenga molondola, uyenera kudziwa mmene chinthu chimaonekera chikakhala chopanda mchenga. Motero makinawo, pofuna kungokhoza ntchito yawo yaing'onoyi, amafika pogwira mmene ubweya umagonera pa msana wa galu, mmene mthunzi umagwera pansi pa mpando, mmene madzi amanyezimirira m'mawa. Chimene amasunga ndi kaonekedwe ka zinthu, osati zithunzi zenizenizo. Fayilo yonse ya Stable Diffusion woyamba inali ya magigabaiti anayi okha, malo amene pa foni yabwino sangasunge ngakhale zithunzi zikwi ziwiri. Komabe ofufuza anaonetsa mu 2023 kuti chithunzi chimene chinabwerezedwa kambirimbiri pophunzira, makinawo akhoza kuchiloweza n'kuchitulutsa pafupifupi mmene chinalili. Ndipo zithunzi zophunzirira zinatoledwa pa intaneti eni ake osafunsidwa, n'chifukwa chake kampani ya Getty Images inasumira Stability AI chaka chomwecho. Kwa ine dandaulo la ojambula ndi lomveka, chifukwa luso lonse la makinawa linachokera m'manja mwawo.

Tsopano tiyeni titsate pempho limodzi kuyambira pachiyambi. Tinene kuti mwalemba chonchi:

```
a woman in a red wrap carrying a blue bucket on her head, lake shore, morning light
```

Mwapempha mayi wovala chitenje chofiira, atasenza ndowa yabuluu, m'mbali mwa nyanja, kuwala kwa m'mawa. Talemba m'Chingerezi chifukwa mawu amene mtunduwu unaphunzira nawo anali a Chingerezi, ndipo Chichewa suchimva bwino.

Kompyuta sidziwa mawu, imadziwa manambala. Choncho mzerewu umadulidwa m'tizidutswa, mawu ofala kukhala chidutswa chimodzi, achilendo kugawidwa pawiri kapena patatu. Malo alipo a tizidutswa 77 tokha, ndipo zimene mwalemba kupyola pamenepo zimangotayidwa. Tizidutswato timapita kwa pulogalamu ina yotchedwa CLIP, imene inaphunzitsidwa pa zithunzi 400 miliyoni kuti izidziwa mawu ati amayenda ndi chithunzi chiti. Iyo imasandutsa chidutswa chilichonse kukhala mndandanda wa manambala 768. Mawu a zinthu zooneka mofanana, monga ndowa ndi beseni, amapeza manambala oyandikana, pomwe ndowa ndi phiri zimatalikirana.

Mbali inayi, makinawo amakonza pojambulira, ndipo amadzaza ponsepo ndi mchenga wokhawokha. Mchengawu umapangidwa kuchokera ku nambala imodzi imene pa mapulogalamu ambiri imalembedwa kuti `seed`. Mukasintha nambalayi mchenga woyambira umasintha, n'chifukwa chake mawu omwewo amakupatsani mayi wina ulendo uliwonse. Mukaisunga, osasintha mawu ngakhale china chilichonse, chithunzi chomwecho chimabwereranso.

Ndiye ntchito imene makina anaphunzira ija imayamba. Amayang'ana mchengawo, amayang'ana manambala a mawu anu, n'kuyerekeza kuti ngati pansi apa pali mayi wa ndowa, mchenga wofunika kuchotsa ndi uti. Pansipo palibe chilichonse, koma makinawo sadziwa zimenezo. Amachita mmene anazolowera. Amachotsako pang'ono, n'kuyang'ananso zotsalazo, n'kuyerekezanso. Amabwereza chonchi maulendo 20 mpaka 50, malinga ndi nambala imene mwaika pa `steps`. Mukadaimitsa ntchitoyi pa maulendo oyambirira mukadaona mabala a mitundu okha: kuwala kumwamba, chinthu chakuda choimirira pakati, kofiirira m'munsi mwake. Kaimidwe ka chithunzi chonse kamakhazikika pomwepa. Pakatikati mapewa, mikono ndi ndowa zimayamba kudziwika. Maulendo omaliza ndi a tinthu ting'onoting'ono: makwinya a nsalu, mafunde, kunyezimira kwa maso.

Pa ulendo uliwonse, kachigawo kalikonse ka chithunzi kamayeza mawu onse a m'pempho lanu n'kutsamira kwambiri pa amene akukakhudza. Kachigawo ka pamwamba pa mutu kamatsamira pa ndowa, ka m'chiuno pa nsalu. Ndiponso makinawo amayerekeza kawiri, koyamba akumva mawu anu, kachiwiri opanda mawu aliwonse, kenako amakulitsa kusiyana kwa mayankho awiriwa kuti chithunzi chikokeredwe kwa mawuwo. Mphamvu ya kukokaku ndi imene imalembedwa kuti `guidance scale`, ndipo kawirikawiri imaikidwa pa 7.5. Mukaitsitsa kufika pa 2 makinawo amayendera yawo, ndowa ija mwina osaoneka n'komwe. Mukaikweza kupyola 20 mitundu imapsa, khungu limawala monyanyira, chithunzi chimauma.

Pali chinthu chimodzi chimene chinapangitsa kuti Stable Diffusion athe kuyenda pa kompyuta ya panyumba. Chithunzi cha madontho 512 m'litali ndi 512 m'lifupi, dontho lililonse lili ndi mitundu itatu, chimafuna manambala 786,432. Kuchotsa mchenga pa manambala onsewa maulendo 50 ndi ntchito yolemetsa. Choncho ntchito yonse imachitikira pa chidule cha chithunzicho, cha timabokosi 64 m'litali ndi 64 m'lifupi, chokhala ndi manambala 16,384 okha. Pomaliza gawo lina limafutukula chidulecho kukhala chithunzi chathunthu. Kabokosi kamodzi kamaimira madontho asanu ndi atatu mbali iliyonse, moti nkhope ya msodzi amene ali patali m'bwato imakhala ndi timabokosi titatu kapena tinayi tokha m'lifupi mwake. N'chifukwa chake nkhope za anthu a kumbuyo zimaoneka zosungunuka pamene ya kutsogolo ili bwinobwino.

Chithunzi chathu chikatuluka, n'kutheka kuti ndowa ndi imene yafiira, chitenje n'kukhala chabuluu, kapena zonse ziwiri zafiira. Makinawo anamva kuti kufiira kulipo, buluu alipo, koma sanamange mtundu uliwonse pa chinthu chake. Kuwerenga nakonso kumawavuta: mukapempha mbuzi zisanu ndi ziwiri mudzalandira gulu la mbuzi basi. Mukalemba kuti pasakhale galimoto, mawu akuti galimoto alowa kale, ndipo nthawi zambiri galimotoyo imabwera. Zala zimavuta chifukwa m'zithunzi dzanja limaoneka m'njira zosawerengeka, litafumbata, litagwira chinthu, zala zina zitabisika, ndipo makinawo anagwira zoti pambali pa chala pamakhala chala china, osati zoti zimathera pa zisanu.

Vuto limene limandikhudza kwambiri ndi lina. Makinawa amajambula zimene anaona kawirikawiri, ndipo zithunzi za pa intaneti zochuluka ndi za ku Ulaya ndi ku America. Nyanja imene mudzalandire ikhoza kukhala ya mitengo ya paini m'mphepete, osati ya mabwato ndi usipa woyanikidwa pa thandala ngati ku Nkhotakota. Nsima ikhoza kutuluka ngati mbatata yakachewere yopondaponda, chitenje ngati diresi losokedwa. Ndipo makinawo sanena kuti chinthuchi sakuchidziwa. Amajambula choyandikana nacho molimba mtima, mokongola, moti mlendo angakhulupirire kuti kwathu kuno zilidi choncho. Chothandiza ndi kufotokoza maonekedwe m'malo motchula dzina lokha: nsalu ya maluwamaluwa yokulungidwa m'chiuno yofika m'akakolo, bwato losemedwa ku mtengo umodzi. Sungani `seed` yomweyo n'kumasintha mawu amodzi pa nthawi, kuti muone chimene mawu aliwonse akuchita.

Kudziwa zimenezi kumathandizanso pa zithunzi zimene zimazungulira pa WhatsApp. Mu Malichi 2023 anthu ochuluka anakhulupirira chithunzi cha Papa Francis atavala chijekete choyera chofufuma, chimene chinapangidwa ndi Midjourney. Nkhope inali yokhutiritsa, koma dzanja logwira kapu linali losokonekera. Malo oyang'ana ndi amene zinthu ziwiri zikukhudzana: zala pa chogwirira, ndolo pa khutu, lamba wa chikwama paphewa, komanso zilembo za pa zikwangwani ndi nkhope za kumbuyo. Mitundu yatsopano ya mapulogalamuwa yawongola kwambiri manja ndi zilembo, chifukwa ili ndi magawo omva mawu amphamvu kuposa CLIP ndipo inaphunzira pa zithunzi zofotokozedwa mwatsatanetsatane. Choncho dzanja la zala zisanu si umboni woti chithunzi n'chenicheni, ndipo ngati chikunena za munthu wodziwika kapena ngozi, fufuzani amene anayamba kuchitumiza ndi ngati pali chithunzi china cha chochitikacho chojambulidwa kuchokera mbali ina.