Chipangizo Chimodzi Changoti Zii: Vuto Lili Pati?

Tiyerekeze kuti pa waya wa RS-485 pali mamita atatu a Modbus, koma imodzi siikuyankha. Usathamangire kudula mawaya. Yamba waona liwiro: ngati kompyuta ili pa 9600 pomwe mitayo ili pa 19200, sizingamvane. Kenaka ona parite. Kompyuta ikakhala pa `8E1`, mita pa `8N1`, mitayo imangotaya uthengawo mwakachetechete.

Nanga mamita onse akamayankha modukizadukiza? Apo kayikira waya. Zimitsa magetsi, uyeze pakati pa A ndi B. Marezisita awiri a maomu 120, imodzi kumapeto kulikonse, amapereka pafupifupi maomu 60. Ukapeza 120, imodzi ikusowa.

Zikapitirirabe, ona marezisita a bayasi. Popanda iwo, waya ukakhala duu, phokoso lamagetsi limaoneka ngati uthenga.