Makompyuta a pasukulu akakana kuyaka onse pamodzi

Kompyuta imodzi ikakana kuyaka, vuto limakhala la iyo yokha. Koma tiyerekeze kuti sukulu yatsegulira, mphunzitsi walowa m'chipinda cha makompyuta 20, ndipo 14 akana. Makina 14 sangawonongeke tsiku limodzi aliyense pachifukwa chakechake. Pali china chimene onsewo akugawana, ndipo kawirikawiri chimakhala magetsi kapena ukalamba, poti makompyuta a m'sukulu amabwera pamodzi, a mtundu umodzi ndi zaka zofanana.

Choncho sikuludiraiva iyambe yadikira. Mphunzitsi atenge choko, ayatse kompyuta iliyonse, nkulemba pamwamba pake chimene yachita: yangoti zii, kapena fani ikuzungulira koma sikirini ili bii, kapena yalemba mawu nkuima.

Pa amene ali zii, choyamba kuona ndi pamene akhala. Ngati onse ali mzere umodzi, wolakwa ndi buleka, soketi kapena ekisitenshoni. Tchaja ya foni imathetsa mkangano: ilowetseni pa soketi yomweyo muone. Kenako nyamulani kompyuta imodzi yokanayo mukailumikize pamene pali ina yoyaka, ndi chingwe cha yoyakayo. Mapulagi athu a mano atatu amakhala ndi fyuzi mkati, ndipo fyuzi ikapsa kompyuta yabwinobwino imaoneka ngati yafa. Ikakanabe, zulani chingwe, dinikizani batani loyatsira kwa masekondi 30 kuti magetsi otsalira atheretu, nkuyesanso.

Yang'ananinso kumbuyo kwa bokosi. Makompyuta ena akale ali ndi kaswitchi kofiira kolembedwa 115 ndi 230. Magetsi a ESCOM ndi a mavoti 230, ndipo mwana akakankhira kaswitchiko pa 115, kabokosi kolandira magetsi kamaphulika poyatsa. Kamathanso kupsa chifukwa cha mphenzi kapena magetsi obwera mwamphamvu atazima, ndipo fungo la chopserera limaulula. Kabokosi kameneka musakatsegule, chifukwa kamasunga magetsi oopsa ngakhale chingwe chitazulidwa. Kamangosinthidwa kathunthu.

Gulu lolemba mawu ndi limene limaopsa anthu kwambiri, chonsecho ndi lotchipa kukonza. Pa sikirini pamatha kutuluka mawu ngati awa:

```
CMOS checksum error - Defaults loaded
Press F1 to continue
```

Mkati mwa kompyuta muli kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kolembedwa CR2032, ka mavoti 3. Ntchito yake ndi kusunga tsiku, nthawi ndi makonzedwe a BIOS pamene makina azimitsidwa. Kompyuta ikakhala yolumikizidwa kukhoma kabatireka kamapuma, koma ikazulidwa holide yonse kamagwira ntchito kokha usana ndi usiku. Mabatire okalamba limodzi amatheranso limodzi, ndiye chifukwa chake vutoli limakonda sabata yoyamba ya teremu. Chizindikiro china ndi tsiku lobwerera m'mbuyo zaka zambiri.

Zimitsani, zulani chingwe, gwirani chitsulo cha bokosi kuti magetsi a m'thupi achoke, kankhani kachitsulo kogwira batire, nkuika latsopano mbali ya + ili pamwamba. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Batire likatha, BIOS imaiwala zimene inauzidwa. Ngati Windows inaikidwa `SATA Mode` ili pa `AHCI`, ndiye yabwerera pa `IDE` kapena `RAID`, kompyuta imayamba bwino kenako nkuonetsa sikirini yabuluu yolembedwa `0x0000007B` kapena `INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE`. Wopupuluma amafufuta zonse nkuika Windows yatsopano, ntchito za ana nkupita, pamene disiki ilibe vuto. Lowani mu BIOS podina F2, F10 kapena Del malinga ndi mtundu wa makina, konzani tsiku, ndipo makonzedwe enawo mukopere pa kompyuta inzake imene ikuyaka. Kujambula sikirini yake ndi foni kumathandiza.

Otsala ndi aja ozunguza fani popanda chithunzi, ena akulira bii bii. Yesani kaye sikirini ina ndi chingwe china. Zikakanika, ganizirani fumbi ndi chinyezi pa timatabwa ta RAM. Tizuleni, pukutani mano ake agolide ndi chofufutira pensulo, chotsani zinyenyeswa, nkubwezera kamodzikamodzi mpaka timapini ta m'mbali titi khethe. Muli momwemo, onani timigolo ting'onoting'ono toimirira pa bolodi lalikulu. Pamwamba pake payenera kukhala pafulati. Ngati patupa kapena patuluka zofiirira ngati dzimbiri, imeneyo ndi ya amisiri odziwa kuwotcherera.

Njira iliyonse iyesedwe pa kompyuta imodzi kaye. Batire limodzi likadzutsa imodzi, ndi pamene mphunzitsi angapite kwa ahedi ndi pepala lopempha mabatire a makompyuta onse 20, kuphatikizapo 6 amene akuyakabe, poti nawonso ndi a msinkhu womwewo.