Mwafufuta Mizere Miyandamiyanda, Koma Disiki Idakali Yodzaza: Mmene VACUUM Imabwezera Malo mu PostgreSQL

Mabungwe ambiri amasunga zolemba zawo m'pulogalamu yotchedwa PostgreSQL, yomwe mizu yake ili ku yunivesite ya California ku Berkeley, kumene ntchito yake inayambira mu 1986. Pulogalamuyi imasanja deta m'matebulo, ndipo tebulo lililonse limakhala ndi mizere, monga mzere umodzi pa uthenga umodzi kapena pa malipiro amodzi. Disiki ya seva ikayamba kudzaza, nzeru yoyamba imene imabwera ndi yofufuta zakale. Munthu amafufutadi, pulogalamu n'kumuuza kuti mizere yachoka, koma akayang'ana disiki amapeza kuti sinapepukeko ngakhale pang'ono. Si kuti chinachake chaonongeka ayi. PostgreSQL inapangidwa kuti izitero, ndipo amene wamvetsa chifukwa chake sangazimitse ntchito ya bungwe lonse pothamangira mankhwala olakwika.

Tiyerekeze kuti kampani ina ili ndi tebulo la `mauthenga`, momwe imalemba uthenga uliwonse umene yatumizira makasitomala ake. Tebuloli lafika pa mizere 100 miliyoni, ndipo likudya magigabaiti 40. Woyang'anira seva akuganiza zochotsa zonse za m'mbuyo mwa chaka cha 2023, zomwe ndi mizere 75 miliyoni.

```sql
DELETE FROM mauthenga WHERE tsiku < '2023-01-01';
SELECT pg_size_pretty(pg_table_size('mauthenga'));
```

Lamulo loyamba lafufuta, lachiwiri lapima kukula kwa tebulo. Yankho likubwera lomwe lija: magigabaiti 40.

Kufufuta n'kuika chizindikiro chabe

PostgreSQL imalola anthu ambiri kuwerenga ndi kulemba pa tebulo limodzi nthawi imodzi popanda kudikirana. Kuti zimenezi zitheke, aliyense amaona deta monga mmene inalili pamene funso lake linayamba. Ngati wina anayamba kutulutsa lipoti mphindi imodzi musanafufute, ayenera kuionabe mizere ija mpaka lipoti lake litatha. N'chifukwa chake `DELETE` sachotsa mzere m'fayilo. Amangolemba pa mzerewo nambala ya ntchito imene yaufufuta, ndipo onse obwera pambuyo amaudumpha. Mzere wotere umatchedwa wakufa: sukuoneka, koma malo ake ukuwasungabe. Nayenso `UPDATE` amachita chimodzimodzi, chifukwa amalemba mzere watsopano n'kusiya wakale uli wakufa.

Zili ngati kope la ngongole la pa golosale. Wangongole akabweza, mwini golosale amakhwatcha dzina lake, koma kope silichepa masamba. Fayilo ya tebulo nayo inagawidwa m'masamba, lililonse la makilobaiti 8, ndipo mizere yakufa imakhala m'masamba momwemo. Kutupa kwa tebulo kumayambira pamenepa, ndipo kuipa kwake si malo okha. Funso lofunika kuwerenga tebulo lonse limadutsa m'masamba onse, a mizere yamoyo ndi yakufa yomwe, moti limachedwa ngati kuti simunafufute kanthu.

Kuchuluka kwa mizere yakufa mungakuone motere, pokumbukira kuti manambala ake ndi oyerekeza, osati owerengedwa umodziumodzi:

```sql
SELECT n_live_tup, n_dead_tup, last_autovacuum
FROM pg_stat_user_tables
WHERE relname = 'mauthenga';
```

Zimene VACUUM wamba amachita

Wosesa mizere yakufa ndi `VACUUM`. Amayenda m'tebulo, kuchotsa mizere imene palibenso amene angaione, kuchotsanso zolozera kwa mizereyo m'maindekisi, kenako n'kulemba kuti masamba akutiakuti ali ndi malo. Pochita zonsezi saletsa anthu kuwerenga kapena kulemba, choncho mungamuyendetse ngakhale masana ntchito ili mkati, ngakhale kuti disiki imatanganidwa ndithu.

```sql
VACUUM (VERBOSE, ANALYZE) mauthenga;
```

Mawu akuti `VERBOSE` amapempha lipoti la zimene zachitika, pomwe `ANALYZE` amakonzanso ziwerengero zimene PostgreSQL imadalira posankha njira yoyankhira mafunso. Mukafufuta magawo atatu mwa anayi a tebulo, ziwerengero zakale zimakhala zosocheretsa, ndiye musaiwale mbali imeneyi.

Nthawi zambiri ntchitoyi imachitika yokha kudzera mu `autovacuum`. Ngati simunasinthe kalikonse, iye amadzuka mizere yakufa ikapitirira 50 kuphatikiza gawo limodzi mwa magawo asanu a tebulo. Pa tebulo lathu ndiye kuti pafunika mizere yakufa yoposa 20 miliyoni, ndipo 75 miliyoni ija yadutsa kale malirewo. Komabe `autovacuum` amayenda modziletsa kuti asalemetse seva, choncho mukafufuta zambiri nthawi imodzi ndi bwino kuyendetsa `VACUUM` nokha.

Tsopano pimaninso tebulo. Mwina mupezabe magigabaiti 40, ndipo apa ndi pamene ambiri amataya mtima. `VACUUM` wamba sasuntha mizere kuchoka pa tsamba lina kupita pa lina. Amatha kudula fayilo kumchira kokha, ngati masamba akumapeto atsala opanda kanthu. Koma mu tebulo lathu mauthenga akale analembedwa koyambirira kwa fayilo, atsopano ali kumapeto. Malo a magigabaiti pafupifupi 30 amasuka kutsogolo, pamene kumchira kuli mizere yamoyo, ndiye palibe chodula.

Malowo sanatayike. Mizere yatsopano iyamba kulowa m'menemo, ndipo fayilo isiya kukula. Ngati kampaniyo imalemba gigabaiti imodzi pa mwezi, papita miyezi pafupifupi 30 tebulo lisanafunenso malo ena pa disiki. Ngati nkhawa yanu inali yoti disiki ikudzaza chifukwa cha tebulo lomweli, vuto latha ngakhale nambala sinatsike.

VACUUM akakanika kusesa

Nthawi zina mumayendetsa `VACUUM`, n'kumaliza bwinobwino, koma `n_dead_tup` osatsika. Werengani lipoti la `VERBOSE`. M'mitundu yatsopano ya PostgreSQL muli mawu akuti `are dead but not yet removable`, ndipo nambala ili pambali pake ikakhala yaikulu, ndiye kuti pali wina amene akuoneka kuti akufunabe mizere yakale ija.

Kawirikawiri wolakwa amakhala ntchito imene inatsegulidwa ndi `BEGIN` kalekale osatsekedwa. Mwina wogwira ntchito anatsegula dzulo masana, n'kuweruka kompyuta ili chiyakire. Malinga ngati ntchito yotereyo ikugwirabe nambala yake kapena chithunzi chake cha deta, PostgreSQL siingachotse mzere uliwonse umene unafa iyo itayamba kale. Mungaisake chonchi:

```sql
SELECT pid, state, xact_start, backend_xid, backend_xmin
FROM pg_stat_activity
WHERE xact_start IS NOT NULL
ORDER BY xact_start;
```

Amene ali pamwamba ndiye wakale kwambiri. Ngati `state` yake ndi `idle in transaction` ndipo anayamba musanafufute, funsani mwini wake aitseke, kapena muidule ndi `pg_terminate_backend`, podziwa kuti zimene anali asanasunge zitayika. Mukapanda kupeza kanthu pamenepo, yang'anani mu `pg_replication_slots`, chifukwa seva yachiwiri yokopera deta imathanso kugwira mizere yakale. Chotchinga chikachoka, yendetsaninso `VACUUM`. Musathamangire njira yamphamvu chotchingacho chilipo, pakuti nayonso idzangokopera mizere yakufayo m'fayilo yatsopano.

Pamene mukufunadi disiki ipepuke

Ngati malowo mukuwafunira zinthu zina, kapena tebulo silidzakulanso kufika pamene linali, pafunika kulilembanso lonse. Imeneyi ndi ntchito ya `VACUUM FULL`.

```sql
VACUUM FULL mauthenga;
```

Dzina lake limanamiza, chifukwa limamveka ngati kusesa komwe kuja koma mwakhama. Zoona zake n'zakuti ndi ntchito ina. Amatsegula fayilo yatsopano, kukoperamo mizere yotsala mothinana, kumanganso maindekisi onse, kenako n'kutaya fayilo yakale. Tebulo lathu lingatsike kuchoka pa magigabaiti 40 kufika pafupifupi pa 10, ndipo malo otsalawo amabwereradi ku disiki.

Mtengo wake uli pawiri. Choyamba, amatseka tebulo ndi loko yotchedwa `ACCESS EXCLUSIVE` kuyambira poyamba mpaka pomaliza, moti palibe angalembe ngakhale kuwerenga. Pulogalamu iliyonse yodalira tebulolo imaima n'kumadikira. Chachiwiri, fayilo yakale sichoka mpaka yatsopano itatha, ndiye disiki iyenera kukhala ndi malo a magigabaiti 10 aja, a maindekisi atsopano, komanso a zolemba za `WAL`, momwe PostgreSQL imalemba chilichonse chimene yasintha. Ngati disiki yatsala ndi magigabaiti 3 okha, ntchitoyi ifera panjira, ndipo `WAL` ikasowa polemba seva yonse imazima. Choncho pimani malo musanayambe, sankhani nthawi imene anthu sakugwira ntchito, ndipo achenjezeni.

Kumene tebulo silingaime ngakhale ola limodzi, anthu amagwiritsa ntchito `pg_repack`, chida choonjezera chimene chimamanga tebulo latsopano pambali uku lakale likugwirabe ntchito, n'kutseka kwa kanthawi kochepa poyamba ndi posinthanitsa. Chimafuna kuti tebulo likhale ndi `PRIMARY KEY` kapena indekisi ina yosalola kubwereza, ndipo nachonso chimafuna malo apadera pa disiki. Ngati otupa ndi maindekisi okha, kuyambira pa PostgreSQL 12, ya mu 2019, pali `REINDEX TABLE CONCURRENTLY`, yomwe imawamanganso osaletsa anthu kulemba.

Kuti zisadzabwerenso

Tebulo limene mudzafufutamo zakale chaka ndi chaka ndi bwino kuligawa m'zigawo potengera nthawi, mwachitsanzo mwezi uliwonse chigawo chake. PostgreSQL 10, ya mu 2017, inabweretsa njira yosavuta yochitira zimenezi ndi `PARTITION BY RANGE`. Chigawo chilichonse chimakhala ndi fayilo yakeyake, ndiye mwezi ukatha ntchito mumangochigwetsa ndi `DROP TABLE`. Malo amabwerera nthawi yomweyo, popanda mzere wakufa ndi umodzi womwe. Ngati mukufuna kukhuthula tebulo lonse, `TRUNCATE` amachita chimodzimodzi.

Ngati kugawa sikutheka, musadikire zaka zitatu n'kudzafufuta 75 miliyoni tsiku limodzi. Fufutani pang'onopang'ono, sabata ndi sabata, kuti malo omasuka azidzazidwa ndi mizere yatsopano tebulo lisanatupe. Pa tebulo lalikulu mungamuuzenso `autovacuum` kuti azidzuka msanga:

```sql
ALTER TABLE mauthenga
SET (autovacuum_vacuum_scale_factor = 0.02);
```

Pa mizere 25 miliyoni imene yatsala, kusintha kumeneku kukutanthauza kuti kusesa kuziyamba mizere yakufa ikangodutsa pafupifupi 500,000, m'malo modikira kuti ifike 5 miliyoni.