Chiganizo chimodzi chomwe ofesala wa ngongole akufuna kumva

Ofesala wa ngongole, kaya ndi wa ku banki, wa ku SACCO kapena wa bungwe lobwereketsa ndalama kwa amalonda ang'onoang'ono, amakumana ndi anthu ambiri pa tsiku, ndipo aliyense amafika ndi nkhani yake. Funso lake loyamba limakhala lalifupi: "Mayi, ndalamazi mukufuna mutani nazo?" Ambiri amayambira kutali. Amafotokoza za kukwera mitengo kwa zinthu, za sukulu fizi ya ana, za malonda omwe sakuyenda, kenaka n'kumaliza ndi mawu akuti "ndikufuna kuwonjezera mpamba". Zonsezo n'zoona, koma ofesalayo sanamvepo chilichonse choti akalembe pa fomu.

Iye akufuna kudziwa ngati ndalamazo zidzabwerere, komanso komwe zidzachokere. Mapulani a bizinesi ya okala kapena golosale atha kudzaza masamba angapo, koma mutu wake uyenera kukwana m'chiganizo chimodzi chomwe mwini wake angachinene osayang'ana pa pepala. Chiganizocho chinene kuti bizinesiyo ndi yotani, ili kuti ndipo yakhala nthawi yaitali bwanji, imasiya ndalama zingati pamwezi, mukupempha zingati zogulira chiyani, komanso mudzabweza motani.

Titenge chitsanzo chongoyerekeza cha mayi yemwe ali ndi okala ku Chinsapo mumzinda wa Lilongwe, yomwe yatha zaka zitatu. Amagulitsa shuga, sopo, mchere, machesi, buledi ndi mafuta ophikira oyeza m'timachubu. Poyamba iye anakonza chiganizo chotere: "Ndimagulitsa katundu wa K60,000 pa tsiku ndipo ndikufuna K600,000 kuti bizinesi yanga ikule." Chikumveka bwino, koma chili ndi mabowo awiri.

Loyamba ndi lomwe limagwetsa ambiri: kusokoneza ndalama zogulitsa ndi phindu. K60,000 yomwe imalowa m'kabati madzulo si yake yonse, chifukwa mbali yaikulu ndi ya kuholoselo komwe akapikulenso katundu mawa. Tinene kuti amatsegula masiku 26 pamwezi, ndiye kuti amagulitsa katundu wa K1,560,000. Ngati pa K100 iliyonse amatsala ndi K15 akachotsa mtengo wopikulira, zotsala ndi K234,000. Pamenepo achotsepo lendi ya K30,000, magetsi ndi ziphaso K10,000, ndi thiransipoti ya K24,000, poti amapita kukapikula katatu pa sabata ndipo ulendo uliwonse umadya K2,000. Zomwe okala imamusiyira ndi K170,000. Imeneyi ndiyo nambala yoyenera kulowa m'chiganizo, ngakhale kuti ndi yaing'ono ndipo siikoma kuitchula pamaso pa munthu wovala tayi.

Bowo lachiwiri ndi mawu akuti "ikule". Ofesala sangakaone kukula, koma atha kubwera pa okala n'kuwerenga mabelo a shuga ndi zigubu za mafuta. Vuto lenileni la mayiyu ndi lakuti shuga, mafuta ndi sopo zimamuthera pakati pa sabata, makasitomala n'kumakagula kwa mnzake wa patsidya pa msewu. Akakhala ndi ndalama yopikulira zambiri pakamodzi, mashelefu sakhala opanda kanthu ndipo kuholoselo azipita kamodzi pa sabata, zomwe zipulumutse K16,000 ya thiransipoti pamwezi. Apa pali chinthu choti munthu angachiloze ndi chala.

Tsopano tione ngati K600,000 ija ikukwana m'thumba lake. Tiyerekeze kuti bungwelo limaika chiwongoladzanja cha K5 pa K100 iliyonse pamwezi, chowerengedwa pa ndalama yonse yomwe munatenga, ndipo ngongole ndi ya miyezi 6. Ndiye kuti mwezi uliwonse abweze K100,000 ya ngongoleyo ndi K30,000 ya chiwongoladzanja, pamodzi K130,000. Pa K170,000 ija patsala K40,000 yoti banja lidye mwezi wonse. Ofesala wodziwa ntchito amaona msanga zomwe zidzachitike: pakhomo sangagone ndi njala shuga ndi mafuta zili pa shelefu, ndiye adzayamba kudya mpamba, ndipo pofika mwezi wachinayi mayiyo adzakhala akuthamangira ku banki mkhonde kapena kwa a katapila kuti akatseke ngongole ina ndi inzake.

Akatsika kufika pa K360,000, nkhani imasintha. Pamwezi abweza K60,000 kuphatikizapo K18,000 ya chiwongoladzanja, zonse K78,000, ndipo pakhomo patsala K92,000. Chiganizo chake chikhala chotere: "Ndili ndi okala ku Chinsapo yomwe yatha zaka zitatu ndipo imandisiyira K170,000 pamwezi ndikachotsa zolipira zonse, ndiye ndikupempha K360,000 yopikulira shuga, mafuta ophikira ndi sopo zomwe zimandithera msanga, ndipo ndizibweza K78,000 mwezi uliwonse kwa miyezi 6 kuchokera pa phindu lomwelo."

Taonani kuti mayiyu sakulonjeza kubweza ndi phindu lomwe lidzabwere katundu akachuluka. Akubweza ndi zomwe okala ikupanga kale lero. Malonda akakwera, zimenezo n'zapamwamba chabe. Ine ndimaona kuti apa ndi pomwe pagona mphamvu ya chiganizochi, chifukwa ngongole yodalira makasitomala omwe sanabwere imagwa pa mwezi woipa umodzi wokha. Ndipo miyezi yoipa imadziwika. Mu Januwale ndi Febuluwale ndalama zimakhala zapita ku feteleza ndi ku sukulu, anthu amagula shuga wa pasupuni, ndipo kabuku ka okongola kamadzaza. Ngati ngongole yanu idutsa m'miyezi imeneyi, werengerani phindu la mwezi wovuta, osati la Juni pomwe alimi angogulitsa kumene zokolola.

Pa nkhani ya chiwongoladzanja, funsani musanalembe nambala yomaliza. Mabungwe ena amawerengera pa ndalama yonse yomwe munatenga mpaka kumapeto, ngati m'chitsanzo chathuchi, pomwe ena amawerengera pa yotsala yokha, moti chimanka chichepa mwezi ndi mwezi. Enanso amadula ndalama yoyendetsera fomu ndi ya inshuwalansi ngongole isanafike m'manja mwanu. Funso labwino ndi lakuti, "Bwana, m'manja mwanga mulowa zingati, ndipo ndizibweretsa zingati pamwezi?"

Nanga chikole? Chitha kudikira. Ofesala adzafunsa yekha za firiji, makina osokera kapena mboni yoti ikuimireni. Munthu akayamba ndi chikole amamveka ngati wavomera kale kuti alephera, ndipo obwereketsa ambiri sakonda ntchito yokalanda katundu n'kumasaka womugulitsa.

Chomwe sichingadikire ndi umboni. Nambala iliyonse ya m'chiganizomo idzafunsidwa, ndipo nthawi zambiri ofesala amafika pa okala. Amatsegula kope la malonda, lija lokhala ndi madontho a mafuta pachikuto, n'kuona ngati masiku akutsatana kapena ngati masamba onse analembedwa dzulo usiku ndi cholembera chimodzi. Amapempha malisiti a kuholoselo, amayang'ana mauthenga a Airtel Money kapena TNM Mpamba pa foni, ndipo amayerekeza katundu wa pa shelefu ndi zomwe mwanena. Wina akati amagulitsa za K60,000 pa tsiku koma malisiti akuonetsa kuti amapikula za K100,000 yokha pa sabata, masamuwo sagwirizana. Choncho yemwe alibe kope ayambe kulemba miyezi itatu asanapite kukapempha, ndipo azilembamo ngakhale sopo yemwe watengera kunyumba ndi buledi yemwe ana adya m'mawa.